Banga la manjano: chotsani mafuta kaye, chotsalacho musiyire dzuwa

Aliyense wa ife amene amayenda ulendo wa masiku awiri kapena atatu ali ndi kontena imodzi imene inasanduka yachikasu mkati. Ena mumaiponya m'bini poganiza kuti yatha ntchito, ena mumaikwecha ndi sitiliwulo mpaka mikono kuwawa, koma chikasucho chili phee. Pa kontena yodyera nkhaniyo ndi ya manyazi chabe, poti munthu umachita kutembenuka potsegula chakudya pagulu. Koma msuzi womwewo ukagwera pa katundu wogulitsa, shati yoyera, nsalu ya pabedi kapena chitenje cha oda, imeneyo ndi ndalama ya mpamba. Ndiye ndati ndifotokoze m'mene ndimachitira, komanso chifukwa chake zimatheka.

Chimene chimathimbiriritsa ndi manjano. Ena amati chikasu, achinyamata amati tameriki. Ndi kamuzu konga jinja kamene amakaumitsa nkukapera, ndipo ufa wakewo ndi umene umapereka mtundu ku binzali tonse timathira mu ndiwo uja, komanso umapezeka mu zokometsera za achali. Utoto umene uli mu manjano asayansi amautcha kekyumini. Dzinalo mukhoza kuliiwala, palibe adzakufunseni pa boda, koma khalidwe lake musaliiwale. Utotowu susungunuka m'madzi. Umasungunuka mu mafuta ndi mu spiriti. Ukakumana ndi sopo, soda kapena phulusa umasanduka wofiira. Ndipo suchedwa kusuluka ukaombedwa ndi dzuwa. Amene amadaya nsalu amadandaula kuti utoto wa manjano sukhalitsa padzuwa, ndipo dandaulo lawolo ndiye mwayi wathu.

Choncho banga la binzali ndi mabanga awiri ogona pamodzi, mafuta ndi utoto. Mafuta ndi amene amanyamula utotowo kuulowetsa mu ulusi wa nsalu kapena mu pulasitiki. Dzuwa limapha utoto koma mafuta siliwachotsa. Mukayanika chinthu chili ndi mafuta ake, chikasu chimachepa ndithu, koma pamatsala chithunzi chotuwa chimene chimakola fumbi ndi kununkha chiwawa pakapita masiku. Sopo naye amachotsa mafuta koma utoto amangouchepetsa. Nchifukwa chake ntchitoyi ili ndi choyamba ndi chotsatira, ndipo mukazisinthanitsa mumagwira ntchito kawiri.

Ndiyambe ndi nsalu, poti ndi kumene kuli ndalama.

Ulendo wina ndinkachokera ku Joni nditanyamula mashati oyera a sukulu 30, oda ya mayi wina wa shopu ku Limbe, sukulu zitatsala sabata imodzi kutsegulira. Katundu anatsitsidwa pa Nyamapanda kuti aonedwe, ndipo pomubwezera m'ngolo, ndowa ya achali ya munthu wina inagonekedwa cham'mbali pamwamba pa chikwama changa. Chivindikiro chake chinakanuka pang'ono. Mukudziwa kutentha kwa ku Tete m'mwezi wa Disembala kapena Januwale. Mafuta anasungunuka nkumadontha njira yonse, ndipo ine ndinaziona titafika pa Mwanza. Mashati anali m'timapepala tawo ta pulasitiki, koma timapepala timeneti timangopindidwa kumapeto, mafuta sasowa polowera. Asanu ndi anayi anakhudzidwa. Anayi anali ndi timadontho pamapewa, atatu anali ndi banga longa chikhatho pachifuwa, ndipo awiri anamwa mafuta kolala yonse.

Pa bodapo mayi wina wachifundo anabwera ndi botolo la madzi ndi kansalu kuti tipukute. Ndinawathokoza nkuwauza kuti ayi mayi, madzi asafikepo. Madzi okha pa banga la mafuta amangolikankhira m'mbali, ndipo kupukuta kumalowetsa utoto mkati mwa ulusi. Ndinatulutsa mashati okhudzidwawo m'mapepala, ndinapala zidutswa za mango ndi supuni kuchokera m'mphepete mwa banga kupita pakati, kenako ndinapsinja ndi tishu pamwamba ndi pansi osatikita, kusintha tishuyo mpaka itasiya kunyowa. Nditatero ndinawaza paudala wa ana wambiri pamalo onse a mafuta. Ufa woyera wa nsima umagwiranso ntchito yomweyo, ngakhale choko chopera. Shati iliyonse ndinaikulunga payokha, bangalo lili mkati, kuti isapatsire inzake. Zimenezi zinanditengera mphindi makumi awiri basi isananyamuke.

Kunyumba ndinakung'untha paudala uja, atasanduka wachikasu ndi wamabulumwa, umene unali umboni woti wamwa mafuta. Nsaluyo idakali youma ndinathira sopo wamadzi wotsukira mbale pa banga lenilenilo, osasungunula. Izi ndi zofunika. Sopo wa mbale anapangidwira mafuta a chakudya, ndipo akafika pa nsalu youma amakumana ndi mafutawo mwachindunji, pamene nsalu ikayamba yanyowa madzi amatchinga. Kasupuni kamodzi ka tiyi kamakwanira banga longa chikhatho. Ndinamulowetsa ndi nsonga za zala pang'onopang'ono nkusiya mphindi 15. Potsukuluza ndinatembenuza shati kuti madzi ozizira alowe kuchokera kumbuyo kwa banga, litulukire kumene linalowera. Ndinabwereza kawiri, ndipo mashati a kolala aja katatu.

Mudzadziwa bwanji kuti mafuta atha? Nsalu ikauma iyang'aneni motsutsana ndi kuwala. Malo amene ali ndi mafuta amaoneka akuda pang'ono ngati pepala limene munakulungira mandasi. Ngati pangotsala chikasu chopepuka chopanda mthunzi umenewo, mafuta achoka, chatsala ndi utoto.

Apa ndi pamene ambiri amachita mantha. Mukapaka sopo wamtanda kapena kunyika mu safu, banga lija limasanduka lofiira ngati njerwa, nthawi zina ngati magazi. Anthu amaganiza kuti aononga nsalu, amathamangira jiki. Palibe chimene chaonongeka. Ndi khalidwe la utotowo ukakumana ndi zinthu za gulu la soda, ndipo mukatsukuluza bwino, kapena kudontheza mandimu kapena viniga, umabwerera ku chikasu. Kufiirako ine ndimakukonda chifukwa kumandiuza kuti mdani wanga ndi manjano enieni, amene dzuwa limawatha. Pali mpunga wina ndi tchipisi zina zimene amathira utoto wachikasu wa m'kabotolo kapena wa ufa umene si manjano. Umenewo sufiira ndi sopo, umasungunuka m'madzi, ndipo pa kotoni nthawi zambiri umachoka ndi kuchapa wamba, ngakhale pa nayiloni ndi ubweya umakakamira. Dziwaninso kuti mandimu akabweza banga ku chikasu sanalichotse. Angolisintha nkhope, likuoneka lopepuka chifukwa chikasu sichikuwa ngati kufiira.

Mashati atatu a pachifuwa aja anali ndi chikasu chowalabe, ndiye ndinawaonjezera spiriti. Ndinaika thaulo lakale loyera pansi pa banga, nkumadontheza spiriti pamwamba ndi kathonje, kupsinja, kusuntha thaulolo kuti pansi pakhale poyera nthawi zonse. Mumaona ndi maso chikasu chikusamukira pa thaulo. Spiriti wake akhale woyera ngati madzi, wa ku famase uja, kapena sanitaiza wa m'manja wopanda mtundu amene analembedwa kuti ali ndi mowa wa 70 peresenti kapena pafupi pamenepo. Spiriti wofiirira wa mbaula uja ayi, iye ali ndi utoto wake ndipo adzakusiyirani banga lachiwiri pa nsalu yoyera. Ndipo musachite izi pafupi ndi mbaula kapena ndudu.

Kenako ndinachapa mashati onse ndi safu m'madzi ozizira, nkutsukuluza katatu. Madzi otentha kwambiri musawagwiritse ntchito utoto usanachoke, pakuti odaya nsalu amachita kuwiritsa kuti utoto ulowe, ndiye inu musawathandize ntchito. Simbi ndiye yoipa kuposa. Shati imene ili ndi kachikasu kotsalira ikasitidwa, mafuta otsala amapsera mu ulusi ndipo kuwachotsa kumavuta kwambiri. Ku Joni amene mumachapitsa m'makina a ndalama aja, musaike chovala chabanga mu makina oumitsa, nkhani yake ndi yomweyo.

Tsopano dzuwa. Ndinayala mashati ali onyowa pa udzu, banga likuyang'ana kumwamba, cha m'ma 9 koloko m'mawa. Kuyala pansi kumaposa kupachika pa chingwe chifukwa dzuwa la masana limagunda molunjika. Akayamba kuuma ndinkawaza madzi pamalo a banga, chifukwa ndaona kuti nsalu yonyowa imasuluka msanga kuposa youma gwa. Pofika 2 koloko masana anayi a timadontho aja anali oyera mbee, sindikanatha kuloza pamene panali banga. Atatu a pachifuwa anafuna tsiku lachiwiri, ndipo ndinawatembenuzanso kuti dzuwa lione mbali ya mkati. Awiri a kolala anandivuta. Chikasu chinachoka, koma kolala ili ndi nsalu yolimbitsa mkati mwake imene inasunga mafuta, komanso mashati a sukulu amenewa amasakaniza kotoni ndi poliyesita, ndipo poliyesita amakonda mafuta ngati m'bale wake. Achali alinso ndi tsabola wofiira, amene utoto wake nawo umayenda ndi mafuta. M'mphepete mwa kolala munatsala kamzere kotuwira kamene ndinalephera nako ngakhale nditanyika usiku wonse mu ufa wochotsa mabanga wa okosijeni uja, umene amagulitsa m'zitini za pinki.

Mayi wa shopu ndinawauza zonse. Mashati 21 anatenga ali m'mapepala awo, asanu ndi awiri ochapidwawo ndinawasita ataona okha kuti ayera nkuwatsitsira mtengo pang'ono poti sanalinso ndi makatoni ndi mapini a ku fakitale, ndipo awiri aja anavala ana a mchemwali wanga. Kasitomala wa shopu amaizindikira shati yochapidwa ndi mphuno yokha, ndiye kubisa kukanangonditayitsa oda ya chaka chamawa.

Wina afunsa kuti bwanji osangothira jiki nkuthana nazo. Jiki amachotsadi banga la manjano, ndipo amachita msanga. Koma malo ake ndi nsalu yoyera ya kotoni yeniyeni, monga nsalu za pabedi, matawulo oyera ndi nsalu zopukutira mbale. Jiki wambiri wa m'masitolo amakhala wa mphamvu ya 3.5 peresenti. Ine ndimathira supuni zazikulu zitatu m'malita asanu a madzi ozizira, kuvundula kaye, kenako kunyika nsalu yonse kwa mphindi khumi kapena 15 ndi kutsukuluza kwambiri. Osadontheza jiki wosasungunula pa banga, amadya ulusi ndipo pakapita machapidwe angapo pamabooka. Pa nayiloni, ubweya, silika ndi zovala zotamuka ngati malegini, jiki amaononga ulusi ndi kusiya chikasu chake chimene sichichoka ndi dzuwa kapena china chilichonse. Zovala zina zoyera zosakaniza ndi poliyesita nazo zimachita chimodzimodzi, nchifukwa chake mashati aja sindinawayese. Onani kachizindikiro ka pa lebulo, ngati pali katatu kokhala ndi mtanda pamwamba, ndiye kuti jiki saloledwa. Chinanso, madzi a mijigo ina ali ndi chitsulo, mumawadziwa poti amasiya dzimbiri pa ndowa. Mukathira jiki m'madzi oterewa chitsulocho chimasanduka dzimbiri pa nsalu, yoyera ija nkutuluka yofiirira yonse.

Ichi chokha ndichinene mokweza. Jiki sasakanizidwa ndi viniga, mandimu, spiriti, sanitaiza kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Zimatulutsa mpweya woipa umene umaotcha maso ndi mapapo. M'kachipinda ka pa malo ogona kapena mu kebini ya thiraki mawindo ali otseka, munthu akhoza kukomoka. Ngati mwayesa chimodzi ndipo mukufuna kuyesa china, tsukuluzani kaye ndi madzi ambiri.

Zitenje ndi nsalu za mitundu zimafuna mtima wodekha, chifukwa dzuwa limene likupha manjano likhozanso kusulutsa maluwa a nsaluyo. Sopo wa mbale alibe vuto. Spiriti muyese kaye pa mpendero wa mkati ndi kansalu koyera, mukaona utoto wa chitenje ukutuluka msiyeni. Poyanika, tengani katoni, booleni bowo lolingana ndi banga, muphimbe chitenje chonse dzuwa lizigunda pabowo pokha. Muziona ola lililonse. Maola awiri kapena atatu sasulutsa chitenje chabwino, koma mukachiiwala masiku awiri padzakhala kachigamba kopepuka kamene kasitomala adzakaona ali patali. Abambo a mathiraki, jekete lanu lonyezimira lija musalinyike mu jiki, amapha mizere yowala usiku ija. Sopo wa mbale ndi dzuwa la theka la tsiku zikwanira.

Kwa inu amene mumapikula zokometsera ku msika wa Victoria Street ku Durban kapena ku Kariakoo ku Dar es Salaam, vuto lanu nthawi zambiri ndi ufa wouma, paketi ikaphulika m'chikwama. Umenewo ndi wosavuta ngati simuunyowetsa. Ufa wouma umangokhala pamwamba pa ulusi, sunalowe. Tulukani panja, kung'unthani nsaluyo kuchokera kumbuyo, kenako matani selotepi nkumatula kangapo kuti atole wotsalira. Musapukute ndi dzanja, chifukwa thukuta ndi mafuta odzola a m'manja mwanu ndi okwanira kuusungunula. Mukachotsa wonse umene ungachoke wouma, ndi pamene muyambe za sopo.

Tibwere ku makontena. Tembenuzani kontena yanu muone pansi pake. Ambiri ali ndi nambala 5 mkati mwa katatu, kapena zilembo PP. Zigoba zambiri za ayisikilimu ndi majarini zimene timasunga ndi za mtundu womwewu. Pulasitiki ameneyu amachokera ku mafuta a pansi, choncho madzi amawakana koma mafuta amawalandira. Akatentha amafewa pang'ono ndipo mafuta a ndiwo amalowa m'khungu lake atanyamula utoto, akazizira zonse zimatsekeredwa momwemo. Nchifukwa chake mzere wachikasu umakhala wowala kwambiri pamene msuzi unalekezera, poti mafuta amayandama pamwamba. Nchifukwa chakenso kukwecha sikuthandiza. Bangalo silili pamwamba poti mulipale, lili mkati. Sitiliwulo, mchenga ndi phulusa zimangokanda pulasitiki, ndipo mikwingwirima imeneyo ulendo wotsatira imasunga mafuta ambiri ndi zotsalira za chakudya.

Mukangotha kudya, pukutani mkati ndi tishu kapena chidutswa cha buledi mafuta asanagone. Pa msewu madzi ndi osowa, ndiye chitani izi: thirani kasupuni ka sopo wa mbale, madzi ofunda theka la kapu, ndi tishu wolimba mmodzi kapena kansalu, tsekani chivindikiro nkukhutchumula mwamphamvu kwa mphindi imodzi. Tishuyo amatola mafuta amene sopo wawamasula, mpaka m'ngodya ndi mu mzere wa chivindikiro. Madzi akhale ofunda oti dzanja lipirire, osati owira, chifukwa owira amatsegulanso pulasitiki utoto udakali momwemo. Tsukuluzani nkuyendetsa chala mkati. Chikamatsetsereka mafuta alipo, bwerezani. Chikamagwira nkumalira, atha.

Ngati kontena ndi yakale ndipo ikunata kapena kununkha, sakanizani supuni zazikulu ziwiri za soda wophikira ndi supuni imodzi ya madzi, pakani phalalo mkati monse ndi chala nkusiya ola limodzi kapena usiku wonse. Lidzafiira, mwadziwa kale chifukwa chake. Soda amathandiza pa fungo ndi kunata, ngakhale chikasu sachimaliza.

Chomaliza ndi dzuwa lomwe lija. Ikani kontena chagada, chivindikiro pambali pake nacho chagada, kuwala kulowe mkati, ndipo muziitembenuza kuti makoma onse aombedwe. Banga la dzulo limatha tsiku limodzi. La miyezi limafuna masiku awiri kapena atatu. Dalaivala wina wachikulire amene tinadikira naye pa mzere wa pa Beitbridge anandionetsa kontena zake ziwiri zili pa dashibodi, anati, "Mayi, ine mzere uwu sindiudandaula kwambiri, umanditsukira mbale." Amanena zoona. Kuseri kwa galasi utoto wa manjano umasulukabe, kungoti mochedwerako kusiyana ndi panja. Chenjerani ndi kutentha kokha. Dashibodi ya thiraki yotsekedwa masana ku Musina kapena ku Tete imapinda chivindikiro chopyapyala, ndipo chikapindika sichitsekanso bwino, msuzi udzatayikira m'chikwama ulendo wotsatira. Ngati thiraki yaima, ndi bwino kuika kontena panja pa sitepe kapena pamwamba pa thanki muli kamwala mkati kuti mphepo isaitenge. Ndipo musaisiye padzuwa masabata, pulasitiki amauma nkuyamba kuthetheka.

Nthawi ya mvula kapena ya chiperoni dzuwa likasowa, jiki wosungunula amagwira ntchito pa kontena yoyera kapena yoonekera mkati. Supuni zazikulu ziwiri mu lita imodzi ya madzi ozizira, mudzaze kontena mpaka kupitirira mzere wa banga, idikire theka la ola. Mukataya madziwo itsukeni ndi sopo, tsukuluzani kangapo, nkuisiya yotsegula mpaka fungo la jiki litatheratu. Izi muchite mafuta atachoka kale, pakuti jiki pa mafuta amangotaya mphamvu. Ndikudziwa kuti mu thiraki muli zinthu zamphamvu zosungunula mafuta, petulo, palafini, mankhwala otsukira mabuleki. Pa kontena ya chakudya zimenezi zisafike. Pulasitiki amene anamwa mafuta a ndiwo amamwanso zimenezi, ndipo adzazibwezera mu nsima yanu yotentha.

Pali banga limodzi limene silichoka, ndipo ndi bwino kulizindikira msanga. Ngati munatenthetsa ndiwo mu maikulowevu ya pa filingi sitesheni ndipo mkati mwa kontena mwatuluka mzere woyererako wokhakhala, wonga wachita matuza, limenelo si banga. Mafuta amatentha kupitirira madzi owira, ndiye anasungunula khungu la pulasitiki. Yendetsani chikhadabo, mukamva kukhakhala ndiye kuti yapsa. Kontena yotere ipumitseni ku chakudya chotentha, isungire misomali, mafyuzi kapena ulusi ndi singano. Pamene kontena yosalala, yosanata, yosanunkha koma yachikasu chabe ilibe vuto lililonse pa thanzi. Manjano ndi chakudya, timadya tsiku ndi tsiku.

Ine panopa ndiwo za binzali ndimadikira zizizire mpaka nditha kugwira poto ndi dzanja ndisanazithire mu pulasitiki, ndipo ndili ndi kontena imodzi ya mtundu wakuda imene ntchito yake ndi imeneyo basi. Amene mungakwanitse, gulani ya chitsulo chosachita dzimbiri yokhala ndi zokowera m'mbali, ya amwenye ija, utoto sulowamo. Amayi amene mumaphikira madalaivala pa maboda ndipo makontena anu amabwerera, muwatsuke tsiku lomwelo nkuwayala pa thandala m'mawa wake, kasitomala amayamba kudya ndi maso.

Mpando wa mu kebini ndiwo wovuta poti sungayanikidwe pa udzu. Palani ndi supuni, psinjani ndi tishu, wazani ufa kapena paudala nkusiya ola limodzi, kenako sasani ndi burashi. Pangani thovu la sopo wa mbale m'kapu, mupake thovu lokhalo ndi kansalu, chifukwa madzi akachuluka amatsitsira mafuta mu siponji ya pansi ndipo banga limadzatulukanso mpando ukauma, lili ndi mkombero waukulu kuposa poyamba. Pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono, kusintha mbali yoyera nthawi zonse, kuchokera kunja kupita pakati. Mukatero imikani thiraki moti dzuwa la m'mawa kapena la madzulo lilowe pa chitseko cha mbali imeneyo, chitseko chili chotsegula, maola awiri kapena atatu. Ngati chophimba mpando chimavuka, chivuleni muchichite monga mashati aja.